Liwu Limodzi, Matanthauzo Aŵiri: Za Chinyengo Chobisala Pakati pa Mtsutso

Tiyerekeze kuti pa mudzi wina pagwa maliro. Malemuyo anali telala, ndipo wasiya mkazi, ana atatu, njinga ndi makina osokera. Litapita tsiku lometa, abale akhala pansi kuti akambirane za katundu, ndipo mng'ono wa malemu, munthu wodziŵa kulankhula, ayamba motere: “Alamu, mtima pansi. Paja tonse tidziŵa kuti bambo ndiye ali ndi mphamvu pa katundu wa pa nyumba, ndipo akafuna kugulitsa njinga sapempha chilolezo kwa mnansi. Tsono anaŵa amanditchula kuti chiyani ine? Kodi si bambo? Choncho makinaŵa ndiŵatenga ndine, ndikaone chochita nao.”

Mai wamasiye uja angoti chete. Mumtima akumva kuti pena pake pakhota, koma akati aloze pamene pakhotapo, sakupaona. Mau oyamba aja sangaŵakane, pakuti mwamuna wake ali moyo ankagulitsa ndi kugula monga mwini nyumba. Achiŵiriwo sangaŵakanenso, pakuti ana ake amamutchuladi mlamu wakeyo kuti bambo aang'ono, ndipo kukana zimenezi pamaso pa anthu kungakhale chipongwe chachikulu. Nanga zitheka bwanji kuti mau aŵiri ooneka oona abale chinthu chokhota chotere?

Cholakwa chimene chachitika apa chili ndi dzina lakalekale m'maphunziro a lojiki. Agriki ankachitcha homonimiya, ndipo aphunzitsi olemba m'Chilatini ankati ekwivokasiyo, ndiye kuti kutchula zinthu zosiyana ndi liwu limodzi. Ife muno tizingoti kutembenuka kwa liwu: liwu liloŵa mu mtsutso ndi tanthauzo lina, lifika pakati litembenuka, nkutulukamo ndi tanthauzo lina, koma m'makutu mwa omvera likumveka chimodzimodzi. Aristotele, amene adakhala ndi moyo kuyambira chaka cha 384 mpaka 322 Kristu asanabadwe, adalemba buku loulula machenjera a Asofisti, m'mene adaŵerengamo njira 13 zimene mtsutso umaonekera wolondola pamene suli wolondola. Zisanu ndi imodzi mwa njirazo adati zimachokera m'chilankhulo, ndipo yoyamba kuitchula ndi yomweyi.

Kuti tione m'mene msamphawu umafwambukira, tikumbutsane pang'ono za kamangidwe ka silojizimu. Silojizimu yolongosoka imakhala ndi mfundo ziŵiri zoyambira ndi mfundo imodzi yotsiriza, ndipo m'zitatuzo mumayenda mau atatu okha, lililonse kaŵiri. Mwachitsanzo: nyama zonse zobzikula zimadya zomera, mbuzi ndi nyama yobzikula, choncho mbuzi imadya zomera. Mau atatuwo ndi “mbuzi”, “kudya zomera” ndi “nyama yobzikula”. Lachitatuli limatchedwa liwu lapakati. Silipezeka m'mfundo yotsiriza, koma ndilo lalumikiza aŵiri enawo, monga ulalo umalumikizira tsidya lino ndi tsidya lija. Tsono liwu lapakatilo likakhala ndi tanthauzo lina m'mfundo yoyamba, linanso m'mfundo yachiŵiri, ndiye kuti tilibe ulalo umodzi. Tili ndi zipika ziŵiri, china chochokera tsidya lino, china chochokera tsidya lija, zosakumana pakati. Woona ali patali ayesa ndi ulalo wathunthu. Nchifukwa chake mabuku a lojiki amaika cholakwachi pamodzi ndi cholakwa cha mau anai: pa pepala tiŵerenga mau atatu, koma m'maganizo muli anai.

Chitsanzo chimene ophunzira amachikonda ndi cha liwu loti mtengo. Mtengo uliwonse uli ndi mizu; ndalama imene talipira pa sitolo ndi mtengo wa sopo; choncho ndalamayo ili ndi mizu. Timaseka, ndipo nkoyenera kuseka. Koma ife tiona kuti zitsanzo zotere zimaononga ophunzira koposa kuŵathandiza, chifukwa zimaŵapatsa maganizo akuti kutembenuka kwa liwu ndi maseŵera a ana, oti munthu wanzeru sangakodwe nao. Palibe amene adataya munda chifukwa chosokoneza mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika. Matanthauzo aŵiriwo ngotalikirana kwambiri, ndipo khutu limagwira kusiyana kwao nthaŵi yomweyo. Aristotele yemwe adaziona zimenezi m'buku lachisanu la Etika yake, pamene ankayamba kukamba za chilungamo. Kumeneko akunena kuti matanthauzo akatalikirana, aliyense amaŵazindikira, ndipo akupereka chitsanzo cha liwu lachigriki limene linkatanthauza mfungulo wa pa chitseko komanso fupa lopingasa m'munsi mwa khosi. Koma matanthauzo akayandikana, kusiyana kwao kumabisika. Apa ndiye pagona nkhani yathu: liwu loopsa ndi limene matanthauzo ake ali pa chibale.

Aphunzitsi a m'zaka zapakati adagaŵa mau m'magulu atatu. Pali liwu lonenedwa pa zinthu zambiri ndi tanthauzo limodzi ndendende, monga “nyama” ponena mbuzi ndi ng'ombe. Pali liwu lonenedwa pa zinthu zimene zangokumana pa dzina, monga mtengo uja. Ndipo pakati pa magulu aŵiriŵa pali gulu lachitatu, la mau a analojiya, amene matanthauzo ao amasiyana koma onse amaloza ku tanthauzo limodzi loyamba. Tomasi Woyera wa ku Akwino, amene adamwalira mu 1274, potsata Aristotele ankakonda chitsanzo cha liwu lonena za thanzi: limanenedwa pa chamoyo chimene chili ndi thanzilo, pa mankhwala amene amalibweretsa, ndiponso pa mkodzo umene umalisonyeza. M'gawo loyamba la Suma ya Teolojiya, pa funso la 13, akunena kuti mau amene timanenera Mulungu ndi zolengedwa akadakhala ongokumana pa dzina, sitikadatha kutsimikiza kanthu za Mulungu kuchokera ku zolengedwa, pakuti mtsutso uliwonse ukadagwa m'cholakwa chomwechi. Choncho analojiya ndi chida chofunika, ndipo popanda icho chilankhulo chathu chikadasauka kwambiri. Koma ndi pa chida chomwecho pamene munthu amaterereka, chifukwa chimene chili choona pa tanthauzo loyamba sichikhala choona nthaŵi zonse pa lachiŵiri. Thanzi la mkodzo silipangitsa mkodzowo kuthamanga kapena kulima.

Tibwerere tsono kwa mai wamasiye uja, tiusanthule mtsutso wa mlamu wake pang'onopang'ono. Choyamba kuchita ndi kuuvula zokometsera zonse, nkuulemba m'mizere itatu. Bambo ali ndi mphamvu pa katundu wa pa nyumba. Ine ndine bambo. Choncho ine ndili ndi mphamvu pa katunduyu. Liwu lopezeka m'mizere iŵiri yoyamba koma losoŵa m'wachitatu ndi “bambo”, ndipo ndilo tiyenera kuliyang'anitsitsa, pakuti katundu yense wa mtsutso wasenzedwa pa ilo.

Chachiŵiri ndi kuchotsa liwulo paliponse pamene laima, nkuikapo kumasulira kwake. Mu mzere woyamba, kodi bambo amene tonse tavomera kuti ali ndi mphamvu ndi uti? Ndi mwamuna wa pa nyumbapo, amene adakwatira maiyo, nabereka anawo, nagula makinawo ndi thukuta la banja lake. Nanga mu mzere wachiŵiri, kodi mlamuyo ndi bambo m'njira yotani? Ndi mbale wa bambo wobereka, amene mwambo wathu umampatsa dzina laulemu limeneli pamodzi ndi udindo wosamala ana a mbale wake. Dzinali si labodza ai. Ndi dzina lenileni, lochokera ku tanthauzo loyamba lija, monga m'mene mkodzo umatchedwera wathanzi poloza thanzi la mwini wake.

Chachitatu, chimene chimamaliza ntchito, ndi kusankha tanthauzo limodzi ndi kuligwiritsitsa kuyambira poyamba mpaka potsiriza. Tikagwira tanthauzo loyamba, mzere woyamba ungathe kuima, koma wachiŵiri ugwa, pakuti mlamuyo sindiye mwamuna wa pa nyumbapo. Tikagwira lachiŵiri, mzere wachiŵiri uima, koma woyamba ugwa, pakuti palibe adavomerapo kuti aliyense wotchedwa bambo angagulitse njinga ya pa nyumba. Zikadatero, malemuyo ali moyo abale ake onse aamuna akadamagulitsa katundu wake. Palibe tanthauzo limodzi limene mizere iŵiriyo ikhala yoona pamodzi. Ichi ndicho chizindikiro chosalephera cha kutembenuka kwa liwu: mfundo iliyonse payokha imaoneka yoona, koma iliyonse imafuna tanthauzo lakelake kuti ikhale yoona.

M'mitsutso ya m'masukulu akale ntchito imeneyi inali ndi kachitidwe kake. Woyankha sankathamangira kuvomera kapena kukana mfundo yokayikitsa. Ankayamba wanena kuti “ndikusiyanitsa”, kenaka nkuti: m'tanthauzo ili ndivomera, m'tanthauzo ilo ndikana, ndipo atasiyanitsa chimodzimodzi mfundo yachiŵiri, ankakana mfundo yotsiriza. Pa bwalo la pa mudzi munthu sanganene “ndikusiyanitsa”, koma akuluakulu odziŵa kuweruza milandu ali ndi njira yao yochitira zomwezo. Wina mwa iwo angathe kufunsa mofatsa kuti: “Tamva, bambo, kuti anaŵa ndi anu. Tsono fizi ya wamkuluyu, ndi yunifolomu ya aŵiri enaŵa, tiyembekeze kuti zichokera kwa inu?” Funsoli likumkakamiza munthuyo kunyamula liwu lake lonse. Ngati ali bambo pa makina, akhalenso bambo pa fizi. Akayamba kunena kuti iye ndi bambo wamng'ono chabe, woti ali ndi ana akeake ofuna chithandizo, ndiye kuti wasiyanitsa yekha matanthauzo aŵiri amene adaŵaphatikiza poyamba.

Mau a chibale si okhawo amene amatembenuka. Pali liwu lina laling'ono limene ife tiliyesa loterera koposa onse m'Chicheŵa, ndilo “kuyenera”. Tikati mwana ayenera kulemekeza makolo, tikunena za udindo. Tikati chimanga chosathiridwa feteleza pa nthaka yoguga chiyenera kufiira masamba, tikunena za chinthu chosapeŵeka, ndipo palibe akuchilamula chimangacho. Tikatinso basi iyenera kuti yafika, tikungoganizira. Tsono tamvani m'mene kalaliki wina angadzilungamitsire: “Pa malipiro ochepa ngati anga, munthu ayenera kulandirako kangachepe kwa odzafuna thandizo. Ndipo munthu akachita choyenera, ndani angamdzudzule?” Kuyenera koyamba kukunena zimene zimachitika kaŵirikaŵiri munthu akapanikizika, mwinanso zimene iye akuziona ngati zosapeŵeka. Kuyenera kwachiŵiri kukunena zimene chikumbumtima chimalamula. Chodabwitsa nchakuti Aristotele ali ndi chitsanzo chofanana ndi chimenechi m'buku lija la Asofisti, chifukwa Chigriki nacho chinali ndi liwu limodzi lonena chofunika kuchitidwa komanso chosalephera kuchitika, ndipo ochenjera ankaligwiritsa ntchito posonyeza kuti zoipa nzabwino.

Pa mau otereŵa pali njira ina yoyesera, imene Aristotele adaiphunzitsa m'buku loyamba la Topika: funsa chotsutsana nalo liwulo. Liwu likakhala ndi zotsutsana nalo ziŵiri zosiyana, ndiye kuti lili ndi matanthauzo aŵiri. Chotsutsana ndi kuyenera kwa udindo ndi chinthu choletsedwa, kapena choti munthu saumirizidwa kuchichita. Chotsutsana ndi kuyenera kwa chimanga chija ndi chinthu choti chingathe kuchitika kapena osachitika. Chimodzimodzi liwu loti “kumva”: wosamva wina ndi gonthi, wina ndi amene sadazindikire tanthauzo, winanso ndi mwana wamwano. Nchifukwa chake kholo likati “paja udati wamva”, ndipo mwana nkuyankha kuti adamvadi, aŵiriwo angathe kukangana mpaka dzuŵa kuloŵa, wina akunena za kulonjeza kumvera, wina akunena za makutu.

Tisaganize kuti nthaŵi zonse pamakhala wonyenga ndi wonyengedwa. Kaŵirikaŵiri munthu mmodzi amakhala zonse ziŵiri, ndipo pamenepo ndiye pamavuta kwambiri, chifukwa palibe wachiŵiri woti afunse. Odwala chifuwa chachikulu cha mtundu wamba amamwa mankhwala kwa miyezi 6. Pakapita masabata angapo, ambiri amaona kuti kutsokomola kwachepa, thukuta la usiku latha, chakudya chayamba kukoma. Tsono wina aganiza mumtima mwake kuti: wochira samwa mankhwala, ine ndachira, choncho ndileke. Mu mfundo yoyamba “kuchira” kukutanthauza kuti tizilombo toyambitsa matenda tatha m'thupi. Mu yachiŵiri kukutanthauza kuti thupi lapeza bwino. Matanthauzo aŵiriŵa ali pa chibale chenicheni, pakuti pa matenda ambiri amafika pamodzi, ndipo ndicho chifukwa chake munthuyo saona kuti walumpha. Koma pa chifuwa chachikulu amatalikirana ndi miyezi ingapo. Woleka mankhwala pakati matenda angathe kumbwerera, ndipo nthaŵi zina amabwera ndi tizilombo tosamva mankhwala oyamba aja. Wansembe kapena katekisiti woyendera odwala akamva mau akuti “ndachira”, achita bwino kufunsa kuti: mwapeza bwino, kapena akuchipatala akuyezani nakuuzani kuti mwamaliza?

Pano tipatuke pang'ono, chifukwa dzina lachilatini lija nalo lili ndi matanthauzo aŵiri, ndipo ophunzira amaŵasokoneza akamachoka m'kalasi ya lojiki kupita m'kalasi ya teolojiya ya makhalidwe. M'lojiki ekwivokasiyo ndi cholakwa cha kamangidwe ka mtsutso, ndipo sitifunsa ngati wochichitayo adachita dala. M'teolojiya ya makhalidwe liwu lomwelo limanena za munthu woyankha dala ndi mau a paŵiri pofuna kubisa chinsinsi popanda kunama poyera. Nkhani imeneyi idautsa mkangano waukulu ku Mangalande pa mlandu wa Henry Garnet, mkulu wa Ajezuiti kumeneko, amene adaphedwa mu 1606, ndipo mu 1679 Papa Inosenti XI adatsutsa ziphunzitso zina zolola munthu kulumbira mau ena pakamwa akuwonjezera ena mumtima. Funso limenelo ndi la bodza ndi chikumbumtima. Lathu lino ndi loti kodi mfundo yotsiriza ikutulukadi m'mfundo zoyambira.

Chida chimene tafotokozachi chili ndi malire ake, ndipo wochiphunzira chatsopano amafuna kudula nacho chilichonse. Sikuti paliponse pamene liwu lanenedwa m'matanthauzo aŵiri pali cholakwa. Nthabwala, zilape ndi miyambi zimakhalira pa matanthauzo aŵiri, ndipo omvera amadziŵa kuti ndi m'mene ziliri. Mwambi woti mwana wa mnzako ngwako yemwe sunyenga munthu, pakuti aliyense amamva kuti “wako” akutanthauza woti umsamale. Ungasanduke msampha pokhapokha wina atautenga ngati mfundo yoyamba, nkumaliza kuti angathe kumchotsa mwanayo pa sukulu kuti azikamuŵetera ng'ombe. Cholakwa chimabadwa pamene mfundo yotsiriza yatsamira pa kutembenukako, kotero kuti kutembenukako kutachotsedwa, mfundoyo ikugwa.

Ndiponso sikokwanira kungofuula kuti mnzathu watembenuza liwu. Pafupifupi liwu lililonse lingathe kung'ambidwa paŵiri ndi munthu wofuna kuthaŵa mtsutso umene wamgonjetsa, ndipo amene adakhalapo pa mitsutso ya ophunzira akudziŵa mtundu wa wophunzira amene amasiyanitsa kosalekeza kufikira palibe chotsala choti nkukambirana. Woneneza mnzake ali ndi ngongole ya zinthu zitatu: atchule matanthauzo aŵiriwo momveka, aloze mzere umene uli ndi lina ndi mzere umene uli ndi linzake, ndipo asonyeze kuti pogwira tanthauzo limodzi mfundo ina ikugwa. Akalephera chachitatuchi, kusiyanitsa kwake kulibe ntchito, pakuti nthaŵi zina liwu limasunthadi pang'ono koma mfundo zonse ziŵiri nkukhalabe zoona pa tanthauzo limodzi, ndipo mtsutso umaima.

Malire otsiriza ndi amene amaiŵalika kwambiri. Tikagwetsa mtsutso, sitidatsimikize kuti chotsutsana ndi mfundo yake yotsiriza ndicho choona. Tangosonyeza kuti njira imeneyo siifika kumene inkati ifika. Pa bwalo lija, mkulu wofunsa za fizi wasonyeza kuti dzina loti bambo palokha silimpatsa mlamuyo makina osokera. Sadanene kuti makinawo ndi a yani. Funso limenelo lifuna mfundo zina: kodi adagulidwa ndi ndalama za yani, kodi malemu adasiya mau kapena kalata ya chuma chamasiye, kodi mwambo wa mtundu umenewo umati chiyani, ndiponso kodi lamulo la dziko likuti chiyani. M'Malaŵi lamulo la chuma cha anthu omwalira limene lidakhazikitsidwa mu 2011 limaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo pogaŵa chuma cha munthu amene sadasiye kalata, ndipo kulanda chuma chamasiye limakuyesa mlandu. Mlamu uja akafuna kupitiriza nkhani yake, ayenera kubwera ndi mfundo za mtundu umenewu, ndipo mai wamasiyeyo adzakhala ndi poyankhira popanda kukana kuti ana ake amamutchula munthuyo kuti bambo.